Kalata yanga yopempha tchuthi cha mayeso inandibwerera yosasainidwa

Mufoni mwanga muli chithunzi cha kalata ina yomwe sindifuna kuchotsa, ngakhale kuti ndikaiwerenga manyazi amandigwira. Ndinailemba Lachisanu pa 5 Juni, kupempha abwana anga kuti andipatse tchuthi ndikalembe mayeso a dipuloma ya zowerengera ndalama, yomwe ndinkaphunzira Loweruka ndi Lamlungu. Lolemba m'mawa kalatayo inandibwerera. Sanalembepo kuti avomera, sanalemberenso kuti akana. Pakona panali mawu awiri okha a pensulo: "Mubwere tikambirane."

Nthawi imeneyo n'kuti ndili kalaliki wokonza malipiro a antchito pakampani ina yomwe sinditchula dzina. Ndinali nditagwirapo zaka zinayi. Sukuluyo ndinali nditaiyamba miyezi isanu m'mbuyomo, ndipo pa ofesi palibe amene ankadziwa.

Zomwe ndinalemba

Kalatayo inadzaza tsamba lonse. Ndinayamba ndi kuthokoza chifukwa cha ntchito. Kenako ndinafotokoza momwe ndinalepherera kupitiriza sukulu ndili mnyamata, momwe ndavutikira kupeza fizi, komanso kuti ndine wodalirika pabanja. Pempho lenilenilo linali mumzere wachiwiri kuchokera pansi: "Choncho ndikupempha modzichepetsa kuti mundiganizireko pondipatsa masabata awiri, kuyambira pakati pa mwezi uno, kuti ndikalembe mayeso."

Ndinkaona ngati ndalemba bwino. Ulemu unalimo, chisoni chinalimo. Ndinkaganiza kuti bwana akawerenga za mavuto anga mtima ufewa, cholembera chiyenda chokha.

Ndondomeko ya mayeso inali itatuluka kumayambiriro kwa Meyi. Ndinakhala nayo m'chikwama masabata asanu. Tsiku lililonse ndinkati ndilemba mawa, koma chondigwira dzanja chinali chimodzi: kulemba kalatayo kunali kuulula kuti ndili pasukulu, ndipo ndinkaopa kuti akadziwa aziti munthuyu mwendo wina uli kale kunja.

Mu ofesi ya madamu

Mkulu wa dipatimenti yathu anali mayi wosalankhulalankhula. Nditalowa ndinapeza kalata yanga ili patebulo, pambali pake atayala kalendala ya pakhoma yomwe anachita kuichotsa pamsomali.

"Khalani, achimwene. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Tandiuzani, mukufuna ndisaine chiyani apa?"

Ndinati ndikupempha tchuthi cha mayeso, madamu.

"Kuyambira liti?"

"Pakati pa mwezi."

"Pakati pa mwezi si deti. Pa 14? Pa 15? Pa 17?" Anandikankhira kalendala ija. "Lozani."

Ndinaloza pa 15 mpaka pa 26. Anawerenga masikuwo ndi nsonga ya pensulo, kudumpha Loweruka ndi Lamlungu, n'kupeza khumi.

"Mapepala ndi angati?"

"Anayi."

"Mapepala anayi, masiku khumi. Chabwino. Nanga pa 25 timatani muno?"

Apa m'pamene thukuta linayamba. Pa 25 ndi tsiku lomwe fayilo ya malipiro imapita ku banki, ndipo woikonza ndinali ine. Ndinali nditapempha kuti ndisowe pa ofesi sabata yeniyeni yomwe ntchito yanga imakhala pamoto, osanenapo n'kamodzi komwe kuti aigwira ndani.

Funso lomaliza ndi lomwe linandimaliza. "Masikuwa ndiwachotse kuti? Pa tchuthi chanu cha pachaka? Kapena mukufuna chosalipidwa? Kapena cha mayeso chija chili m'buku la malamulo a pantchito? Ngati ndi chimenecho, ku ofesi yoona za antchito akudziwa kuti muli pasukulu?"

Ndinangoti kakasi.

Sanandikalipire. Anati, "Ine nkhani ya moyo wanu ndaimva, ndipo sukuluyo mwachita bwino kuiyamba. Koma kalata iyi ikachoka pano ipita mufayilo yanu. Akadzabwera oyendera mabuku n'kufunsa chifukwa chake munalandira malipiro a mwezi wathunthu musanagwire masiku khumi, ndidzawaonetsa kuti ndinakumverani chisoni? Pitani mukawerenge bukulo, mundibweretsere ina mawa."

Potuluka ndinali wokhumudwa, sindibisa. Koma pofika padesiki ndinali nditayamba kuona chomwe chinalakwika. Ine ndinalembera mtima wa bwana, pomwe wofunika kumulembera anali bwana yemweyo atagwira cholembera, akuganiza kuti siginecha yakeyo adzayankhapo chiyani.

Ndime yomwe ndinaidumpha zaka zinayi

Buku la malamulo a pantchito anandipatsa tsiku lomwe ndinasaina kontirakiti. Linali m'dirowa ya pansi, lisanatsegulidwepo. Safunsa anadya phula, koma ine ndinali woposa safunsa, chifukwa yankho ndinali nalo m'dirowa.

Ndime ya tchuthi cha mayeso inali yaifupi. Kampani imapereka masiku osapitirira asanu pachaka, olipidwa, koma a tsiku lolemba mayeso lokha, osati owerengera. Maphunzirowo akhale ogwirizana ndi ntchito ya munthuyo, ndipo akhale kuti anadziwitsa ofesi yoona za antchito poyamba sukuluyo. Pempho lifike kutatsala masiku 14, limodzi ndi ndondomeko ya mayeso yochokera ku koleji. Pepala lobwereza silowerengedwa.

Pa zonsezi ndinakwanitsa chimodzi chokha: maphunziro anga anali ogwirizana ndi ntchito. Sindinadziwitse aliyense, masiku 14 aja anali atadutsa kale, ndipo ndondomeko ya mayeso inali idakali m'chikwama.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa anzanga ambiri a m'kalasi ankalankhula ngati tchuthi cha mayeso ndi ufulu wa aliyense wogwira ntchito. Zoona, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lili ndi pangano nambala 140 la mu 1974, lolimbikitsa kuti antchito azipatsidwa tchuthi cholipidwa cha maphunziro. Koma panganolo limagwira maiko okhawo omwe analivomereza, ndipo ngakhale kumeneko limadalira momwe dzikolo laliikira m'malamulo ake. Kwa ambiri a ife, chomwe chimagamula nkhani ndi kontirakiti, buku la malamulo a pantchito, kapena mgwirizano wa pakati pa bungwe la antchito ndi olemba ntchito. Ngati m'menemo mulibe ndime ya mayeso, njira zotsala ndi tchuthi cha pachaka, tchuthi chosalipidwa, kapena kugwirizana kuti maola osowawo mudzabweza nthawi ina. Kalata iyenera kutchula njira yomwe mukupempha. Mukaisiya osatchula, mwasiyira wina kuti akusankhireni, ndipo kawirikawiri amasankha yomwe siimuvutitsa iyeyo.

Chinanso choti muchiyang'ane m'ndime zoterezi: malo ena, kulandira tchuthi cholipidwa cha maphunziro kapena thandizo la fizi kumabwera ndi bondi, kutanthauza kuti mukulonjeza kugwira ntchito nthawi yakutiyakuti mukamaliza sukulu, apo ayi mubweza ndalama. Kwathu masiku asanu a mayesowo analibe bondi, koma ndinachita kuwerenga kawiri kuti nditsimikize.

Kuwerenga masiku ndi pensulo

Usiku umenewo ndinachita zomwe madamu anachita. Ndinayala kalendala, mbali iyi ndondomeko ya mayeso, mbali iyo ntchito zanga za mweziwo.

Mapepala anali Lachiwiri pa 16 m'mawa, Lachinayi pa 18 masana, Lolemba pa 22 m'mawa, ndi Lachisanu pa 26 m'mawa. Awo ndi masiku anayi omwe sindikanawasuntha. Kenako ndinadzifunsa moona mtima kuti owerengera ndikufuna angati. Pepala la pa 22 linali ndi Loweruka ndi Lamlungu patsogolo pake, choncho silinkafuna tsiku lina. La pa 16 ndinaliikira pa 15, la pa 18 ndinaliikira pa 17. La pa 26 ndi lomwe linandiwawa, chifukwa tsiku lowerengera likanakhala pa 25, tsiku la banki. Ndinalisiya.

Masiku khumi aja anatsika kufika pa asanu ndi limodzi. Ndipo nditayang'ana otsalawo, pa 19, 23, 24 ndi 25, ndinadabwa kuona kuti ntchito yonse yaikulu ya malipiro inkakwana m'menemo: pa 19 kutseka mapepala a ovataimu, pa 23 kulowetsa mukompyuta, pa 24 madamu kuunika, pa 25 kutumiza. Zogwa m'masiku omwe ndikanasowa zinali zazing'ono, monga kulandira mapepala ochokera m'madipatimenti ndi kuyankha ofuna kutapako malipiro mwezi usanathe.

M'mawa ndisanapereke kalata ndinayamba ndaima padesiki ya mnzanga wina yemwe ankaona za ngongole za makasitomala. Ndinamufotokozera, ndipo anavomera kundigwirirako, bola ine ndidzamugwirire mu Ogasiti iye akapita kutchuthi. Ichi musachidumphe. Kulemba m'kalata kuti "auje adzandigwirira" musanawauze aujewo ndi kuputa mlandu. Bwana amangotukula foni n'kufunsa, ndipo akayankhidwa kuti "ndikumva kwa inu," kalata yonse yafa.

Tchuthi changa cha pachaka chinali masiku 18, ndinali nditadyapo 11, otsala 7. Nambala imeneyi ndinakaitsimikiza ku ofesi yoona za antchito m'malo modalira mutu wanga.

Kalata yachiwiri

Pamwamba ndinalemba deti, dzina langa, nambala yanga ya pantchito ndi udindo. Ndinailembera mkulu woona za antchito, kudzera kwa madamu, chifukwa ndi momwe bukulo linanenera. Mutu wake unali "Pempho la tchuthi cha mayeso: masiku 6 pakati pa 15 ndi 26 Juni." Mkati munali izi:

"Ndikupempha tchuthi cha masiku 6 kuti ndilembe mayeso a chigawo choyamba cha dipuloma ya zowerengera ndalama, yomwe ndikuphunzira Loweruka ndi Lamlungu kuyambira mu Januwale.

Masiku olemba mayeso ndi pa 16, 18, 22 ndi 26 Juni. Ndikupempha kuti anayi amenewa awerengedwe ngati tchuthi cha mayeso, malinga ndi buku la malamulo a pantchito. Pa 15 ndi pa 17 ndi owerengera, ndipo ndikupempha kuti achotsedwe pa tchuthi changa cha pachaka, pomwe patsala masiku 7.

Ndikuvomereza kuti sindinadziwitse ofesi yanu poyamba maphunzirowa, komanso kuti pempholi lafika mochedwa. Ndikupepesa. Ngati pachifukwa chimenechi tchuthi cha mayeso sichitheka, ndikupempha kuti masiku onse 6 achotsedwe pa tchuthi cha pachaka.

Pa 19, 23, 24 ndi 25 ndidzakhala pa ntchito, ndipo fayilo ya malipiro idzapita ku banki pa 25 monga mwa nthawi zonse. Masiku omwe ndidzachoke, mnzanga wa padesiki ya ngongole wavomera kulandira mapepala a ovataimu ndi mapempho ofulumira. Ndidzamusiyira ndandanda ya zonse Lachisanu pa 12.

Ndaphatikiza kalata yondilandira ku koleji ndi ndondomeko ya mayeso yodindidwa. Zotsatira zikatuluka ndidzapereka kopi. Ndingathokoze nditalandira yankho pofika pa 11 Juni kuti ndikonzekere."

Basi. Za fizi, za banja, za unyamata wanga, zonse ndinazichotsa.

Ndime yachitatu ija ndinalimbana nayo kwambiri. Mtima wina unkati usadzinenere wekha mlandu, mwina sazindikira. Koma anali atazindikira kale, ndipo kubisa chinthu choti chili poyera kumangoonetsa ngati ukuyesa nzeru za munthu. Komanso kupereka njira yachiwiri kunachititsa kuti asakhale ndi chifukwa chokanira kalata yonse. Akanakana tchuthi cha mayeso, mayesowo ndikanalembabe.

Madamu anaiwerenga ataimirira. Analemba m'munsi kuti "Ndikuvomereza, ntchito yakonzedwa," n'kusaina. Sizinathe mphindi ziwiri. Kenako anati, "Mukanabwera mu Januwale, bwenzi sabata ya malipiroyi titaikonza kalekale. Mumaopa chiyani?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinkaopa aziti ndikufuna kuchoka.

"Wofuna kuchoka amachoka, kaya ali ndi dipuloma kaya alibe. Chondivuta ine n'kudzidzimutsidwa."

Ku ofesi yoona za antchito anavomera masiku anayiwo ngati tchuthi cha mayeso, koma analemba kuti achita zimenezi kamodzi kokha, ndipo maphunzirowo anawalowetsa mufayilo yanga. Anandipatsanso mafomu awiri oti ndilembe, ina ya tchuthi cha mayeso, ina ya cha pachaka. Apa ndinaphunzira kuti kalata imapempha chilolezo, koma chomwe chimalowa m'kaundula wa masiku ndi fomu. Ndinajambula zonse zitasainidwa.

Momwe ndinadzidulira ndekha malipiro

Mukanaganiza kuti nkhani yathera pamenepa. Ayi ndithu.

Pa 16 titatuluka m'chipinda cha mayeso tinapeza chidziwitso pabolodi: pepala la pa 18 lasunthidwa, lilembedwa Lachisanu pa 19 masana. Ndinawaimbira madamu nthawi yomweyo. Anati palibe vuto, mubwere pa 18 m'malo mwake, mapepala a ovataimu a pa 19 mnzanu alandira. Ndinachitadi zomwezo. Pa 18 ndinagwira ntchito tsiku lonse, pa 19 ndinakalemba mayeso.

Lachiwiri pa 23 ndinakhala pansi kuti ndilowetse malipiro. Ndandanda ya ojomba inabwera kuchokera ku ofesi yoona za antchito monga mwa masiku onse, ndipo pamzere wachitatu panali dzina langa: pa 19 Juni, sanabwere, palibe chilolezo. Fomu yanga inkati pa 18. Madamu ankadziwa, ine ndinkadziwa, koma pepala silinkadziwa.

Kampani yathu inkadula tsiku lojomba pogawa malipiro a pamwezi ndi 22, ndiye gawo limodzi mwa magawo 22 linayenera kuchoka. Ndipo wolowetsa kudulako mukompyuta ndinali ine ndemwe. Kufufuta mzerewo kunali kosavuta, kungodina batani limodzi. Koma kalaliki wa malipiro kukhudza malipiro ake omwe popanda chikalata ndi mlandu wothetsa ntchito, ngakhale utakhala wolungama. Panafunika kalata yosintha deti, yosainidwa ndi madamu komanso mkulu woona za antchito, ndipo mkuluyo anali atachokapo mpaka kumapeto kwa sabata. Fayilo sikanadikira. Ndinalowetsa kudulako ndi zala zanga, mnzanga uja akuseka mpaka misozi.

Ndalamayo inabwerera pa malipiro a Julaye, nditalemba kalata yachitatu ya mizere inayi, n'kuphatikizapo chithunzi cha chidziwitso cha pabolodi chija. Chikhala kuti sindinachijambule tsiku lomwelo, bwenzi ndikuthamangira ku koleji kukapempha umboni.

Kuyambira pamenepo, kalata iliyonse yotere ndimaikamo chiganizo ichi: "Ndondomeko ya mayeso ikasintha, ndidzadziwitsa ofesi yanu polemba tsiku lomwelo ndi kukonza fomu." Ndipo ndimachitadi. Foni ndimaimba, koma ikangotha ndimatumiza uthenga wolemba kwa onse awiri, bwana ndi osunga kaundula, wonena deti yakale ndi yatsopano.

Pepala la pa 26

Pa 25 fayilo inapita ku banki nthawi itangopitirira 3 koloko masana, titavutika ndi manambala awiri a akaunti omwe anali olakwika. Ndinafika kunyumba mutu uli gwa. Ndinatsegula buku la zamisonkho, n'kudzidzimuka pakati pa usiku tsaya lili patsamba lomwelo.

Zotsatira zitatuluka, mapepala atatu ndinakhoza. La pa 26 ndinalakwa, ndinapereweza mamalikisi anayi. Ndimadzifunsabe ngati ndinachita bwino kusiya tsiku lowerengera lija. Ndikanabwera mu Meyi, ndondomeko itangotuluka, tikanatha kupempha madipatimenti kuti atseke ovataimu msanga, fayilo n'kukonzeka pa 24, ndipo pa 25 wina akanangoitumiza. Kutatsala sabata imodzi zimenezo sizikanatheka.

Kopi ya zotsatirazo ndinakapereka monga ndinalonjezera, ngakhale miyendo inkalemera. Madamu anayang'ana, n'kufunsa kuti lobwereza ndi liti. Ndinati mu Novembala, deti sinatuluke. Anandikumbutsa kuti lobwereza sililowa pa tchuthi cha mayeso, ndipo ndinati ndikudziwa, ndili ndi masiku asanu a pachaka, ndasungapo awiri.

"Ikatuluka ndondomekoyo," anatero akubweza pepalalo, "isagonenso m'chikwama."

Inatuluka Lachitatu lina mu Okutobala. Lachinayi m'mawa kalata inali patebulo pawo, mafomu ali kumbuyo kwake.